Kusainira mnzako ngongole: kodi mumakhala mwalonjeza chiyani?

Nkhani yokambidwa pa sukulu ya alimi ya kumunda, ku Namadzi

Lero tisiya kaye za mizere ndi manyowa. Tikamba za pepala limene ambiri a ife tinasainapo kapena kudindapo chala. Nthawi yogula feteleza ndi mbewu ikayandikira, mnzanu kapena mlamu wanu amafika pakhomo n'kunena kuti, "Akufuna mboni ziwiri, tangondisainiraniko apa." Inu, poti ndi munthu womudziwa, mumasaina. Funso lathu lero ndi lakuti: posainapo mumakhala mwalonjeza chiyani, nanga ndi liti pamene obwereketsa angabwere kwa inu kudzafuna ndalama?

Mboni zilipo za mitundu iwiri

Vuto limayambira pa mawu akuti mboni, chifukwa timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana.

Mboni yoyamba ndi yoonerera. Ikasaina imakhala ikunena kuti, "Ndinalipo, ndinaona ndi maso anga kuti uyu ndi amene wasaina pepalali." Zake zathera pomwepo. Ngongole ikavuta angaifunse zimene inaona, koma sangailipiritse.

Mboni yachiwiri ndi yoimirira ngongole, imene ena amati galanta. Ikasaina imakhala ikunena kuti, "Uyu akalephera kubweza, ndidzabweza ndine." Sikuti mukungotsimikiza kuti munthuyo ndi wa khalidwe labwino, kapena kuti mumadziwa kumene amakhala. Sikutinso mukulonjeza kuti mudzathandiza kumusaka akathawa. Mukulonjeza ndalama za m'thumba mwanu.

Banki, SACCO kapena bungwe la ngongole zing'onozing'ono likati "bwerani ndi mboni ziwiri", kawirikawiri limatanthauza mboni yachiwiriyi. Mafomu ambiri ndi a Chingerezi, choncho yang'anani mawu amene ali pamzere umene akukulozeraniwo. Mawu a mboni yoonerera amayamba ndi chilembo cha W, a mboni yoimirira amayamba ndi G. Chizindikiro china n'chakuti akayamba kukufunsani za ndalama zimene mumapeza, ziweto zanu kapena masheya anu, dziwani kuti akuyeza ngati mungathe kulipira. Munthu woonerera chabe safunsidwa kuti ali ndi mbuzi zingati.

Lamulo limene makhoti athu amatsata limafuna kuti lonjezo lolipirira wina ngongole likhale lolembedwa, ndipo wolonjezayo asainepo. Chidindo cha chala chili ndi mphamvu yofanana ndi saini. Mukasaina, kunena kuti "sindinawerenge" sikukupulumutsani, pokhapokha mutaonetsa kuti munanamizidwa kapena kukakamizidwa, ndipo zimenezi n'zovuta kuonetsa. Ku banki mkhonde nkhani zambiri zimathera pagulu kapena kwa amfumu, ndipo amayang'ana malamulo a gulu ndi zimene zinalembedwa m'buku. Kumenekonso funsani mlembi kuti dzina lanu akulilemba ngati woonerera kapena woimirira.

Chitsanzo cha ngongole ya tomato

Tiyeni titsate nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Ndi chitsanzo chabe ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza, koma mapangano ambiri amayenda motere.

Bambo wina akufuna kulima tomato kudimba, woti azikagulitsa pamsika pa Namadzi ndi ku Limbe. Wakongola K600,000 ku SACCO, yobweza miyezi 6. Chiwongoladzanja ndi K30,000 pamwezi, ndiye kuti K180,000 pa miyezi yonseyo. Zonse pamodzi ndi K780,000, ndipo azipereka K130,000 mwezi uliwonse. Iye ali ndi K100,000 imene anasunga ku SACCO komweko. Amusainira anthu awiri. Woyamba ndi mlongo wake, mayi amene ali ndi ng'ombe ya mkaka ndipo amalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku gulu logulitsira mkaka. Wachiwiri ndi mnzake wa kabaza.

Miyezi iwiri yoyamba bamboyu wapereka bwino, K260,000. Kenako tomato wagwidwa chiwawu, ndipo wotsalayo wafika pamsika nthawi imene tomato wachuluka, mtengo uli pansi. Mwezi wachitatu wadutsa osapereka kanthu. Zotsala ndi K520,000.

Imani kaye apa. Pa miyezi iwiri yoyamba ija obwereketsa analibe mphamvu yofuna ngakhale tambala kwa mayi uja, chifukwa mwini ngongole ankakwaniritsa pangano. Woimirira amaima kumbuyo. Udindo wake umadzuka pamene mwini ngongole waphonya. Koma kuphonya n'chiyani? Ambiri timaganiza kuti ndi pamene miyezi 6 yatha, kapena pamene munthu wathawira ku Joni. Ayi. Kuphonya ndi kudutsitsa tsiku lopereka limene linalembedwa, ngakhale kamodzi, kupatula ngati pepala likupereka masiku ena odikira.

Palinso chiganizo china chimene chimapezeka m'mapangano ambiri. Chimanena kuti wokongola akaphonya, obwereketsa ali ndi ufulu wofuna ndalama zonse zotsala nthawi imodzi. Ngati chiganizochi chilimo, mayi uja sakuyang'anizana ndi K130,000 ya mwezi umodzi, koma K520,000 yonse, pamene miyezi 6 ija isanathe n'komwe.

SACCO yatenga K100,000 imene bamboyu anasunga, zatsala K420,000. Yaonjezerapo chindapusa cha kuchedwa, tinene K20,000. Kalata yafika kwa mayi: lipirani K440,000.

"Yambani mwapita kwa mwini wake"

Awa ndi mawu amene aliyense amayankha kalata yotere ikafika. Mayi akuti, "Achimwene alipo, sanathawe. Ali ndi njinga, ali ndi mpope wothirira. Kagulitseni zimenezo kaye."

Kuganiza kotere n'komveka, koma lamulo silitero. Mwini ngongole akangophonya, obwereketsa sakakamizidwa kuyamba amusumira kukhoti, kapena kugulitsa kaye chikole chake, asanabwere kwa woimirira. Angasankhe kwa amene akuona kuti ndalama zipezeka msanga. Mabungwe ambiri amayambadi ndi mwini wake, kumuimbira foni ndi kumuyendera, ndipo ma SACCO ena anachita kulemba m'malamulo awo kuti ayambe atenga masheya a wokongola. Koma ngati zimenezi sizinalembedwe m'pangano lanu kapena m'malamulo a bungwelo, simungawaumirize. Mukafuna kuti ayambe agulitsa chikole cha mwini ngongole asanakupezeni, ziyenera kulembedwa musanasaine.

Chimene mungayang'ane ndi nkhani ya kalata. Mafomu ambiri amati woimirira adzalipira akadzauzidwa kudzera m'kalata. Ngati fomu yanu ikutero, udindo wanu wolipira umayamba kalatayo ikaperekedwa m'njira imene pangano likunena. Koma samalani: mapangano ena amati kalata ikatumizidwa ku keyala imene munalemba pa fomu, ndiye kuti mwalandira, ngakhale itagona ku sukulu kapena ku tchalitchi kumene munabwereka keyalayo. Mukasintha nambala ya foni kapena kosamukira, adziwitseni.

Dziwaninso kuti obwereketsa nthawi zambiri sakakamizidwa kukuuzani tsiku lomwelo kuti mnzanu waphonya. Mukhoza kumva patapita miyezi itatu, chindapusa chitakula kale.

"Tinasaina awiri, ine ndilipira theka"

Mayi uja akuwerengera kuti gawo lake ndi K220,000, theka linalo ndi la wa kabaza. Izinso zimadalira pepala. Mafomu ambiri amati oimirirawo ali ndi udindo onse pamodzi komanso aliyense payekha. Tanthauzo lake n'lakuti obwereketsa angafune K440,000 yonse kwa munthu mmodzi. Ndiye taganizani, pakati pa wa kabaza amene ndalama zake zimathera m'manja tsiku lomwelo, ndi mayi amene amalandira za mkaka mwezi uliwonse komanso ali ndi ndalama zosunga ku SACCO komweko, adzapita kwa ndani? Wopezako bwino ndi amene amasenza katundu.

Pali ma SACCO amene fomu yawo ili ndi malo oti woimirira aliyense alembe kuchuluka kwa ndalama zimene akuimirira. Mayi akanalemba kuti akuimirira K200,000 basi, sakanamufunsa zoposa pamenepo, kupatula ngati fomuyo ikunena kuti chiwongoladzanja ndi zolipira zina zibwera pamwamba pa malirewo. Malo amenewo musamawasiye opanda kanthu, ndipo musasaine fomu imene ndalama zake sizinalembedwe, ngakhale mnzanuyo atati adzalemba akakafika ku ofesi.

Ngati ndinu membala wa bungwe lomwelo, pali chinanso. Ndalama zimene munasunga zimakhala ngati zamangidwa. Malamulo a ma SACCO ambiri salola kuti muzitulutse kapena musiye umembala ngongole imene munaimirira isanathe, ndipo mnzanuyo akaphonya angadule kuchokera pamenepo popanda kupita kukhoti, chifukwa munavomera kale posaina. Choncho ngakhale ngongoleyo ikuyenda bwino, mukhoza kupeza kuti ndalama zimene mumadalira kugulira feteleza mu Novembala simungazikhudze.

Zimene obwereketsa sangachite

Si kuti mphamvu zonse zili kwa iwo. Pali malire atatu ofunika kuwadziwa.

Poyamba, sangafune kwa inu zoposa zimene mwini ngongole akuyenera kulipira. Chilichonse chimene iye anapereka, ndi chilichonse chimene chapezeka atagulitsa chikole chake, chiyenera kuchotsedwa. Kalata ikafika, pemphani pepala loonetsa mmene ngongole yayendera: anatenga zingati, wabweza zingati ndi masiku ake, chiwongoladzanja ndi chindapusa n'zingati. M'chitsanzo chathu, kalata ikanena K540,000, mayi ayenera kufunsa kuti K100,000 ya achimwene ake ija yapita kuti.

Chachiwiri, sangasinthe pangano inu osadziwa, n'kumati mukadali womangidwa. Tinene kuti m'mwezi wachiwiri bambo uja anakaonjezera K300,000 ina, kapena anagwirizana nawo mwalamulo kuti atalikitse nthawi yobweza, mayi osafunsidwa. Lamulo limati kusintha kwakukulu kotere, popanda chilolezo cha woimirira, kungamumasule. Koma olemba mafomu amalidziwa lamuloli, ndiye ambiri amaikamo chiganizo choti mukuvomereratu kusintha kulikonse, kapena choti mukuimirira ngongole zonse za munthuyo, za lero ndi zam'tsogolo. Mtundu uwu ndi woopsa kuposa yonse. Munthu amasainira ngongole ya feteleza ya chaka chino, n'kudzapezeka akulipira ya njinga yamoto imene inatengedwa patapita zaka ziwiri. Funsani mwachindunji kuti, "Kodi ndikuimirira ngongole iyi yokha, kapena ndi zina zobwera?"

Chachitatu, wotolera ngongole sangangolowa m'khola mwanu n'kumasula mbuzi kapena kuzula malata chifukwa choti munasaina. Katundu amene munachita kumulemba nokha ngati chikole ndi nkhani ina, chifukwa pa ameneyo munawapatsa mphamvu. Koma katundu wina yense amafuna chigamulo cha khoti, ndipo olanda ake ndi masherifu, atanyamula chikalata cha khoti. Samani ikabwera musaibise pansi pa mphasa. Mukapanda kuyankha kapena kupita, khoti lingagamule inu kulibe. Mukapita, mungafunse za mawerengedwe, komanso kupempha kuti muzilipira pang'onopang'ono. Amene alibe ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi maofesi ku Blantyre ndi ku Zomba. Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe a ngongole ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Malawi, ndipo dandaulo limene bungwe lalephera kulikonza lingapite kumeneko.

Mukalipira, mwatsala ndi chiyani?

Tinene kuti mayi wagulitsa mwana wa ng'ombe, waonjezera zosunga zake, walipira K440,000. Ndalamayi si mphatso kwa achimwene ake. Lamulo limamupatsa ufulu woifuna yonse kwa mwini ngongole. Limamupatsanso ufulu wofuna gawo la mnzake wosaina naye, K220,000 kwa wa kabaza, ngati onse anaimirira mofanana. Sangalandire kawiri: zonse zimene angatolere kwa awiriwa zisapose zimene analipira. Ndipo ngati panali chikole chimene obwereketsa ankasunga, monga mpope uja, woimirira amene wamaliza ngongole yonse ali ndi ufulu woti chikolecho chimuthandize kupeza ndalama zake.

Kuti ufuluwu ugwire ntchito pamafunika umboni. Lipirani ku ofesi kapena ku akaunti ya bungwe, osati m'manja mwa munthu panjira. Lisiti lilembedwe dzina lanu, lionetse kuti mwalipira ngati woimirira ngongole ya uje. Mukamaliza, pemphani kalata yonena kuti mwamasulidwa.

Koma tinene zoona. Ufulu wa papepala suli ndalama m'manja. Ngati bungwe linalephera kupeza ndalama kwa munthuyo, inunso mudzavutika, ndipo kusumira mchimwene wako si chinthu chapafupi pamudzi. N'chifukwa chake posaina muyenera kuwerengera ngati kuti ndalamazo sizidzabwera.

Kodi mungatulukemo? Nanga pakagwa maliro?

Ndalama zikaperekedwa kwa wokongola, simungadzuke tsiku lina n'kunena kuti mwasintha maganizo. Kukangana naye, kutha kwa banja kapena kusamuka m'mudzi sikufufuta saini yanu. Mumatuluka ngongole ikatha, kapena obwereketsa akavomera polemba kalata kuti wina walowa m'malo mwanu. Paja akulu amati ngongole siola.

Mwini ngongole akamwalira, ngongole sifa yokha. Mabungwe ambiri amadula kandalama ka inshulansi popereka ngongole, yoti idzalipire zotsala munthu akamwalira. Funsani ngati ilipo, komanso ngati imagwira pamene wokongola anali ataphonya kale. Ngati palibe, obwereketsa angafune ndalama ku chuma chamasiye komanso kwa inu. Woimirira akamwalira, zimene anaimirira zingafunidwe ku chuma chimene wasiya. Ichi n'chifukwa chokwanira choti musasaine mobisira amuna anu kapena akazi anu.

Ngongole za pagulu

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira ngongole za makalabu za nthawi ya SACA, pamene feteleza ndi mbewu zinkabwera kudzera mwa alangizi. Lamulo linali lakuti kalabu yonse imalize kubweza kuti idzalandirenso chaka chotsatira, choncho mmodzi akalephera anzake ankasonkha. Kwa zaka zambiri ngongolezi zinkabwezedwa bwino. Koma chilala cha 1992 chitagwa, pamodzi ndi kusintha kwa ndale kwa zaka zimenezo, alimi ambiri sanabweze, SACA inagwa, ndipo ntchito yake inapita ku MRFC cha m'ma 1994.

Phunziro lake kwa ife ndi ili. Pa ngongole ya pagulu, aliyense ndi woimirira wa mnzake, ngakhale palibe amene anakupemphani kuti mukhale mboni. Ndipo tonse tikalima mbewu imodzi, m'dera limodzi, mvula yathu ndi imodzi. Chaka chimene mnzanu walephera chifukwa cha ng'amba kapena ntchemberezandonda, ndi chaka chomwecho chimene nkhokwe yanunso ili yosadzaza. Kalata imafika nthawi imene muli ofooka. Choncho gulu lisanasaine, ligwirizane zosunga thumba lapadera lotsekera mpata wa wophonya, ndipo lifunse ngati udindo wa membala aliyense uli ndi malire.

Musanasaine

Safunsa anadya phula. Pemphani kuti fomu akuwerengereni m'Chichewa, kapena mupite nayo kwa munthu amene mumamukhulupirira, yemwe si wokongolayo. Mafunso ofunika ndi awa:

1. Kodi ndikusaina ngati woonerera kapena woimirira?
2. Ndalama zonse zimene mungadzafune kwa ine n'zingati, kuphatikiza chiwongoladzanja, chindapusa ndi zolipira kukhoti? Kodi tingalembe malire?
3. Ndi ngongole iyi yokha, kapena ndi zina zam'tsogolo?
4. Akaphonya kangati kuti mubwere kwa ine, ndipo mudzandidziwitsa bwanji?
5. Kodi mudzayamba ndi zosunga ndi chikole chake? Zalembedwa pati?

Mukasaina, tengani kope la pepalalo, kapena lijambuleni pa foni masamba onse. Gwirizanani ndi wokongolayo kuti azikuonetsani lisiti mwezi uliwonse. Akayamba kuzemba nkhani ya lisiti, kapena mukamva kuti wakongolanso kwina kuti atseke uku, pitani ku ofesi msanga. M'chitsanzo chathu, mayi akanadziwa m'mwezi wachitatu, akanatha kukhala pansi ndi achimwene ake ndi a SACCO pamene vuto linali K130,000, lisanafike pa K440,000.

Sindikunena kuti tisamaimirirane. Ambiri a ife tilibe chikole chimene banki ingalandire, ndipo popanda kuimirirana sitingapeze ngongole. Koma muyeso wake ndi umodzi: ngati ndalama zonsezo atazifuna kwa inu mu Febuluwale, mungalipire popanda kugulitsa chakudya cha ana kapena ng'ombe imene imakudyetsani? Ngati yankho ndi ayi, uzani mnzanuyo kuchuluka kwa zimene mungathe kuimirira, ndipo zilembedwe. Kukana lero kumawawa pang'ono kusiyana ndi kudana chaka chamawa.

Ntchito ya m'magulu

Khalani m'magulu athu a nthawi zonse. Tengani chitsanzo cha tomato chija, koma musinthe chinthu chimodzi: bamboyu wapereka miyezi inayi asanaphonye, ndipo mayi analemba pa fomu kuti akuimirira K100,000 basi. Zosunga za bamboyu ndi chindapusa zikhale monga poyamba. Werengerani kuti zatsala zingati, mayi angafunsidwe zingati, ndipo zotsalazo zingafunidwe kwa ndani. Sabata yamawa, amene ali ndi kope la fomu imene anasainira wina, kapena malamulo a banki mkhonde yawo, abwere nazo, mayina ataphimba, kuti tidzawerenge limodzi n'kupeza ziganizo zimene takambirana lero.